Zoyenera Kuchita Pulogalamu Younikira Ikaloza Ntchito ya Wophunzira, Tisanaimbe Munthu Mlandu

Kwa: Aphunzitsi onse ndi othandizira kuchonga m'dipatimenti yathu
Kuchokera kwa: Mkulu wa dipatimenti, Mzuzu

Anzanga pa ntchito, ndakulemberani kalatayi chifukwa cha nkhani imene inafika mu ofesi mwanga semesita yathayi, ndipo ndasintha zina ndi zina kuti mwini wake asadziwike. Mtsikana wina wa chaka chachitatu anabwera atagwira asayimenti yake ya mawu pafupifupi 1,800, yokamba za kutha kwa mitengo m'nkhalango ya Chikangawa. Pamwamba pake panali ziro wa inki yofiira, ndipo m'munsi mwa ziroyo munali mawu ochepa onena kuti ntchitoyo analemba ndi makina. Palibe amene anamuitana kapena kumufunsa kalikonse asanamupatse ziroyo. Nditafufuza, ndinapeza kuti umboni wonse unali nambala imodzi, 62%, imene inaoneka pa Turnitin, pulogalamu younikira ngati ntchito ya wophunzira ndi yokopera kapena yolembedwa ndi makina. Mphunzitsi amene anachongayo ndi munthu wakhama amene ndimamulemekeza, ndipo cholakwa chachikulu chinali changa, chifukwa ndinali ndisanapereke njira yoti tonse tizitsatira. Njirayo ndi iyi, ndipo ikuyamba kugwira ntchito lero.

Choyamba: imikani cholembera, ndipo dziwani chimene nambalayo ikunena

Mukaona nambala yokwera, musalembe malikisi, musalembe ndemanga papepala, ndiponso musatchule nkhaniyi m'kalasi kapena pa gulu la WhatsApp la kalasilo. Ikani ntchitoyo pambali, sungani lipoti lake monga fayilo, ndipo lembani tsiku limene mwalitsitsa.

Kenako onetsetsani kuti mukuwerenga nambala yoyenera, pakuti Turnitin imapereka ziwiri zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi ya `Similarity`, imene imayerekeza mawu a wophunzira ndi zolembedwa zimene zilipo kale, ndipo mukadina pamalo poloza imakuonetsani buku, nkhani kapena asayimenti ya wina kumene mawuwo akupezekanso. Pamenepo muli ndi chinthu chogwirika choti n'kuika patebulo. Yachiwiri ndi ya `AI writing`, imene kampaniyi inayamba kupereka mu Epulo 2023, patangopita miyezi yochepa ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022. Nambala yachiwiriyi ilibe gwero lililonse limene ingakuonetseni. Ndi kungoganizira chabe kochokera pa kaonekedwe ka ziganizo, ndipo palibe njira yoti inu kapena ine tiitsimikizire poiyang'ana yokha. Dziwaninso kuti wophunzira saiona nambala imeneyi kumbali yake, choncho amapereka ntchito osadziwa kuti yalozedwa.

Ambiri timaiwerenganso molakwika. Nambala ya 62% sikutanthauza kuti pali mwayi wa 62 pa 100 woti wophunzira anabera. Ikutanthauza kuti mwa ziganizo zimene pulogalamuyo inatha kuunika, gawo lotere likuoneka ngati lolembedwa ndi makina. Imaunika nkhani yolembedwa m'ndime zokha, osati matebulo, mindandanda kapena ndakatulo, ndipo imafuna mawu osachepera 300. Siunika Chichewa kapena Chitumbuka. Ikakupatsani kanyenyezi, `*%`, m'malo mwa nambala, ndiye kuti zotsatira zili pansi pa 20%, pamene eni ake anavomereza okha kuti pulogalamuyo imaphonya kawirikawiri. M'dipatimenti muno kanyenyezi kameneka sitikatsatira n'komwe.

Ndifotokoze pang'ono mmene mapulogalamu oterewa amaganizirira, chifukwa mukamvetsa zimenezi zonse zotsatirazi zikhala zosavuta. Makina olemba okha amasankha liwu lililonse potengera limene likuyembekezeka kwambiri kutsatira mawu apitawo, motero zolemba zake zimakhala zosalala, zopanda liwu lodzidzimutsa, ndipo ziganizo zake nthawi zambiri zimalingana utali. Pulogalamu younikira imasaka kusalala komweko. Tsono taganizirani za mwana amene kwawo amalankhula Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde, amene anakumana ndi Chingerezi m'kalasi, ndipo ku sekondale anamuphunzitsa kuti chimangirizo chabwino chimayamba ndi mawu oyamba, n'kutsatira mfundo yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, kenako mawu omaliza obwereza zomwezo. Mwana ameneyu amagwiritsa ntchito mawu ochepa amene akuwadziwa bwino, amapewa chiganizo chimene chingamugwetse, ndipo zolemba zake zimatuluka zosalala. Kusamala kwakeko n'kumene kumamuchititsa kuoneka ngati makina.

Izi si maganizo anga okha. Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anayesa mapulogalamu ounikira asanu ndi awiri powapatsa zimangirizo 91 za mayeso a TOEFL, zolembedwa ndi anthu enieni amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho. Mwa avereji, zoposa theka la zimangirizozo, pafupifupi 61 pa 100 zilizonse, zinalozedwa kuti n'zamakina, pamene zolemba za ana a sukulu a ku America komweko zinadutsa pafupifupi zonse. Turnitin sinali m'gulu la mapulogalamu amene anayesedwawo, ndipo eni ake amanena kuti yawo ilibe tsankho lotere, koma ife tisaiwale kuti ophunzira athu onse ali m'gulu la olemba m'chilankhulo chachiwiri kapena chachitatu. Ngakhale OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, inatulutsa pulogalamu yakeyake younikira mu Januwale 2023 n'kuichotsa mu Julayi chaka chomwecho chifukwa inkalephera: inkazindikira zolemba za makina 26 zokha pa 100 zilizonse, kwinaku ikunamizira zolemba za anthu 9 pa 100.

Tiyeni titenge ngakhale zimene Turnitin imadzinenera yokha, zoti pa ntchito zopitirira 20% imanamizira zosakwana imodzi pa 100 zilizonse. Tiyerekeze kuti tachonga mapepala 600 m'semesita. Ndiye kuti mpaka ophunzira asanu ndi mmodzi osalakwa akhoza kulozedwa, ndipo palibe chimene chingatisonyeze pa sikirini kuti ndi ati. Yunivesite ya Vanderbilt ku America inawerengera motere pa mapepala ake 75,000 a chaka chimodzi, n'kupeza kuti 750 akadatha kunamiziridwa, ndipo mu Ogasiti 2023 inazimitsa mbali ya `AI writing` ya pulogalamuyo. Pa chiganizo chimodzichimodzi kuphonyako n'kokulirapo, pafupifupi zinayi pa 100, choncho m'chimangirizo cha ziganizo 80 musadabwe kuona zitatu zitapakidwa mtundu ngakhale mwana atalemba yekha zonse.

Chachiwiri: werengani ntchitoyo nokha, lipoti litatsekedwa

Tsekani lipotilo, tengani ntchito yopanda mitundu yopakidwa ija, muiwerenge kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto monga mmene mukadachitira kale mapulogalamuwa asanabwere. Ndikunena izi chifukwa diso likaona kale chiganizo chopakidwa mtundu limayamba kuchikayikira ngakhale chilibe vuto. Funso limene mukudzifunsa powerenga ndi lakuti, kodi pali chimene chikadandidodometsa ndikadapanda kuona nambala ija?

Pali zinthu zimene zimalemera ndi zina zimene sizilemera. Galamala yabwino si umboni. Liwu limodzi lachilendo limene mwamva kuti makina amalikonda si umboni. Kuganiza kuti mwana wochokera ku sukulu yoyendera ya kumudzi sangalembe Chingerezi chotere si umboni, ndipo ndikupemphani kuti maganizo amenewo asalembedwe m'lipoti lililonse lochokera m'dipatimenti muno. Zimene zimalemera ndi monga izi: chimangirizo chimene chikuzungulira funso osakhudza chilichonse chimene tinaphunzitsa m'kalasi, mfundo zonenedwa molimba mtima koma zabodza, zitsanzo za maiko akutali pamene funso linafuna za kuno, kapena mawu otsalira amene makina amalankhula kwa owagwiritsa ntchito, monga kupepesa kuti sangathe kupereka maganizo awoawo.

M'chimangirizo cha Chikangawa chija, nditachiwerenga motere, ndinaona kuti ndime zopakidwa mtundu zinali mawu oyamba, mawu omaliza ndi ndime yotanthauzira mawu akuluakulu, kumene wophunzira aliyense amalemba mofanana ndi mnzake. Ndime zapakati sizinapakidwe, ndipo m'menemo munali zinthu zimene munthu amadziwa poona ndi maso: utsi wa moto wolusa m'miyezi yotentha, zisakasa za ocheka matabwa m'mbali mwa msewu wa M1, ndi zitsa za paini zimene zatsala m'malo amene kale munali mdima ngakhale masana.

Chachitatu: tsatirani mabuku amene watchula

Apa ndiye pamene pamapezeka umboni weniweni, ndipo ndikufuna muthere nthawi yokwanira. Makina olemba okha ali ndi chizolowezi chopeka mabuku. Amaphatikiza dzina la wolemba weniweni, dzina la magazini yeniyeni ya kafukufuku, chaka chooneka bwino ndi masamba, koma nkhaniyo kulibe, sinalembedwepo. Wophunzira wolemba yekha amalakwitsa chaka kapena kalembedwe ka dzina, koma sapeka kawirikawiri nkhani yathunthu.

Sankhani zosachepera zisanu mwa zimene watchula, makamaka zimene zili m'ndime zokayikitsa. Lembani mutu wa nkhani iliyonse mu Google Scholar, mutauika m'zizindikiro zogwira mawu kuti ifufuze mutu wonse pamodzi. Ngati waperekapo nambala ya DOI, lembani `https://doi.org/` kenako nambalayo, muone kumene ikukufikitsani, pakuti nambala yopeka imakana kutseguka kapena imatsegula nkhani ina yosagwirizana. Ikakhala magazini, pitani pa voliyumu ndi masamba amene watchula muone chimene chili pamenepo. Ndipo nkhani ikapezeka musalekere pomwepo: itseguleni, muone ngati ikunenadi zimene wophunzira akuti ikunena.

Samalani ndi chinthu chimodzi. Zolembedwa zambiri za kuno kwathu sizili pa intaneti. Malipoti a nthambi ya za nkhalango, mapepala a kafukufuku a ophunzira akale amene ali m'laibulale, timabuku ta mabungwe ndi nyuzipepala zakale sizituluka mu Google Scholar. Chimene simunachipeze chilembeni kuti sichinapezeke, osati kuti n'chopeka, kufikira wophunzira atapatsidwa mpata wochibweretsa. Mtsikana uja anatchula zolembedwa zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi ziwiri ndinazipeza mosavuta, chimodzi chinali ndi chaka cholakwika, ndipo chimodzi sichinapezeke paliponse. Chimenecho ndinachilemba pa mndandanda wa zokamufunsa.

Ngati pofika apa simunapeze chilichonse kupatula nambala ija, nkhani yatha. Chongani ntchitoyo monga mwa masiku onse, ndipo wophunzira asadziwe n'komwe kuti inalozedwa, chifukwa palibe chifukwa chomusowetsera tulo.

Chachinayi: yerekezani ndi zolemba zake zina, ndipo onaninso zimene munalola

Ngati kukayika kudakalipo, tengani zimene wophunzirayo analemba pamaso pathu, monga mayeso a pakati pa semesita kapena ntchito ya m'kalasi, ndi asayimenti ina yakale. Musayembekeze kuti zifanane ndendende, pakuti zolemba za ola limodzi m'holo ya mayeso sizingalingane ndi za masabata atatu. Chimene mukuyang'ana ndi kaganizidwe kake, mmene amamangira mfundo, ndi zolakwa zimene amazibwereza, poti munthu aliyense ali nazo zake.

Nthawi yomweyo tsegulaninso pepala la malangizo a asayimentiyo. Kodi munalemba momveka kuti mapulogalamu okonza galamala monga Grammarly, osintha ziganizo monga QuillBot, kapena omasulira monga Google Translate ndi oletsedwa? Ophunzira athu ena amayamba kuganiza m'chilankhulo chawo, n'kulemba m'Chingerezi chosweka, kenako n'kupempha pulogalamu kuti iwasalazire, ndipo ziganizo zosalazidwazo zimatha kulozedwa. Ngati malangizo anali chete pa zimenezi, sitingalange munthu pa lamulo limene sitinamuuze. Zikatero bwerani tikambirane kaye, ndipo malangizowo tikonze asayimenti yotsatira isanaperekedwe.

Ndikuletsanso zinthu ziwiri zimene ndamva kuti ena amachita pofuna kutsimikiza. Musaike ntchito ya wophunzira mu ChatGPT n'kuifunsa ngati inalemba ndi iyo, chifukwa ilibe njira yozindikirira zimenezo ndipo imangoyankha zimene zikuoneka zoyenera. Mu Meyi 2023 mphunzitsi wina wa ku Texas anachita zimenezi, pulogalamuyo inavomera kuti inalemba ntchito za ophunzira ake, ndipo ambiri osalakwa anavutika. Musaikenso ntchitoyo m'mapulogalamu aulere ounikira a pa intaneti pofuna kuti awiri kapena atatu agwirizane. Ambiri amasaka kusalala kumodzimodzi komwe kuja, choncho kugwirizana kwawo sikuwonjezera umboni, komanso mukhala mutapereka ntchito ndi dzina la wophunzira kwa anthu amene sitikuwadziwa.

Chachisanu: ndidziwitseni, kenako muitaneni wophunzira mwaulemu

Musanalankhule ndi wophunzira, nditumizireni tsamba limodzi lofotokoza zimene mwapeza kupatula nambala ija, ndipo muchite zimenezi pasanathe masiku asanu ogwira ntchito kuchokera pamene munaona lipoti. Ndipempha mphunzitsi wina amene sakuphunzitsa kalasilo kuti awerenge ntchitoyo dzina litabisidwa ndiponso asanauzidwe nambala. Tikagwirizana kuti pali zofunika kufunsa, wophunzira alandire uthenga wolembedwa, ndipo apatsidwe masiku atatu ogwira ntchito okonzekera. Mawu ake akhale ngati awa:

"Ndikukupemphani kuti mubwere ku ofesi Lachinayi nthawi ya 10 koloko m'mawa kuti tidzakambirane za asayimenti yanu yachiwiri. Pali mbali zina zimene ndikufuna kumvetsa mmene munazilembera, kuphatikizapo ngati munagwiritsa ntchito pulogalamu ina iliyonse yothandiza kulemba. Palibe chigamulo chimene chapangidwa. Mubweretse zonse zimene munagwiritsa ntchito, monga manotsi, makope, mafayilo oyambirira ndi mabuku. Muli ndi ufulu wobwera ndi mnzanu mmodzi kapena woimira ophunzira."

Onani kuti uthengawu sukubisa chimene tikufuna kukambirana, komabe mulibe liwu lakuti kubera. Kumuitana munthu mobisa n'kukamudzidzimutsa m'chipinda n'kumutchera msampha, ndipo sindilola. Tisaiwale kuti Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woti chiganizo chomukhudza chipangidwe motsatira ndondomeko yachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake molembedwa. Ziro wopanda kumva mbali ya wophunzira sangaime pamaso pa aliyense amene angadzaunikenso nkhaniyo.

Chachisanu ndi chimodzi: tsiku lokumana

Mukhale aphunzitsi awiri, mmodzi wofunsa, wina wolemba zokambirana, ndipo mphindi 30 n'zokwanira. Yambani ndi kumuuza zonse zimene muli nazo, kuphatikizapo lipoti lija, ndipo mumuuze poyera kuti nambalayo payokha sitiitenga ngati umboni. Mukatero mupempheni afotokoze mmene ntchitoyo inayendera kuchokera tsiku limene analandira funso.

Ngati analembera mu Google Docs, mupempheni atsegule yekha `File`, kenako `Version history`, kenako `See version history`. Ntchito yolembedwa ndi munthu imaoneka ikukula pang'onopang'ono m'masiku angapo, ndime zikufufutidwa ndi kusunthidwa, pamene yomatidwa imatulukira yonse kamodzi. Mu Microsoft Word, `File` kenako `Info` imaonetsa `Total Editing Time`, `Author` ndi `Last Modified By`. Koma apa ndikupemphani kusamala kwambiri, chifukwa njira zimenezi zinapangidwa poganizira wophunzira amene ali ndi laputopu yakeyake, magetsi osazima ndi intaneti ya tsiku lonse. Wathu nthawi zambiri amalemba pafoni usiku n'kudzamata ntchito yonse pa kompyuta ya mnzake, kapena amapereka kope lake kwa otayipa a m'tauni, kapena amasamutsa fayilo pa fulashi kangapo. Zikatero mupeza dzina la munthu wina pa `Author` ndi mphindi zochepa pa nthawi yolembera, koma munthuyo asanalakwe chilichonse. Mbiri ya fayilo ikakhalapo imamuthandiza wophunzira, koma kusowa kwake sikumutsutsa.

Zinali chomwecho ndi mtsikana uja. Fayilo yake inaonetsa mphindi 47 zokha ndi dzina la mnyamata wina, zimene poyamba zinaoneka ngati zikumuipitsira. Iye anatulutsa m'chikwama kope la chikuto cholimba, lopindika m'makona, ndipo m'menemo munali chimangirizo chonse cholembedwa pamanja kawiri. Kalembedwe koyamba kanali ndi mizere yofufuta ndi mivi yosamutsa ndime, ndipo m'mphepete munali mawu a Chitumbuka amene ankadzikumbutsa nawo mfundo asanaipezere Chingerezi. Anafotokoza kuti anatayipa pafoni kunyumba kumene amachita lendi ku Chibavi, n'kukamata pa laputopu ya mnzake ku Luwinga tsiku lomaliza, ndipo anavomera yekha asanafunsidwe kuti mawu oyamba ndi omaliza anawadutsitsa mu Grammarly chifukwa ankaopa kuyamba ndi zolakwa. Cholembedwa chimene sindinachipeze chija chinali lipoti la pamapepala limene anabwereka kwa malume ake amene anagwirapo ntchito m'nkhalangomo, ndipo anali ndi zithunzi za masamba ake pafoni, zojambulidwa masabata awiri tsiku lopereka lisanafike.

Mafunso anu akhale a ntchito imene ili patebulo, osati mayeso atsopano a phunziro lonse. Lozani ndime, mumufunse chimene ankatanthauza, ndipo mumulole ayankhe m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ngati n'kumene angamasuke, chifukwa chimene mukuyesa ndi kumvetsa kwake, osati kuthamanga kwa lilime lake m'Chingerezi. Mufunseni chifukwa chimene anasankhira chitsanzo ichi n'kusiya china, kumene anapeza buku lakutilakuti, mfundo imene anaitaya polemba, ndi mbali imene inamuvuta kwambiri. Wolemba yekha amakumbukira pamene anavutikira. Nditamufunsa mtsikanayo chifukwa chimene sanakambire zambiri za owotcha makala, anayankha kuti anali ndi ndime yathunthu koma anaichotsa poopa kupitirira mawu amene tinalamula, ndipo anatsegula tsamba la m'kope pamene ndimeyo inali itadulidwa ndi mzere kuchokera pakona kufika pakona.

Musatenge kunjenjemera, misozi kapena kukhala chete ngati kuvomera. Ana athu analeredwa kuti asayang'ane wamkulu m'maso ndiponso asatsutsane naye, ndipo ena amapepesa ngakhale asanalakwe pongofuna kuti nkhani ithe. Musamulonjeze chilango chochepa kuti avomere, ndipo musamuuze kuti makina salakwa. Pomaliza muwerengereni zimene zalembedwa, akonze pamene akuona kuti sizinalembedwe bwino, ndipo nonse atatu musayine.

Chachisanu ndi chiwiri: chigamulo ndi kulemba

Pali njira zitatu zokha. Ngati wafotokoza ntchito yake mokhutiritsa, ichongeni popanda kumuchotsera ngakhale malikisi amodzi chifukwa cha kukayika kuja, mumulembere pasanathe masiku atatu kuti nkhani yatsekedwa, ndipo m'fayilo yake musalowe kalikonse. Mtsikana uja anapeza malikisi ake, ine ndi mphunzitsi wake tinamupepesa pamaso, ngakhale masabata atatu amene anakhala akuganiza kuti ngongole yake ya sukulu ndi chiyembekezo cha makolo ake zapita sitingathe kumubwezera.

Ngati wagwiritsa ntchito pulogalamu m'njira imene malangizo sanaletse momveka, kapena zinthu sizikuoneka bwinobwino mbali zonse, imeneyo ndi nkhani yophunzitsa, osati yolanga. Mungamupemphe kulembanso gawo lina m'kalasi inu mukuona, kapena kuyankha mafunso apakamwa, koma mutagwirizana ndi ine kaye kuti ophunzira a makalasi osiyana asalandire zigamulo zosiyana pa nkhani imodzi.

Njira yachitatu ndi ya pamene umboni ulipo wosadalira nambala. Semesita yomweyo panali mnyamata wina amene lipoti lake linaonetsa 31% yokha, theka la ya mtsikana uja. Mwa nkhani zisanu ndi imodzi zimene anatchula, zinayi kunalibe: magazini ake analipo, koma pa masamba amene anatchulawo panali nkhani zina za anthu ena. Anapatsidwa masiku atatu kuti abweretse ngakhale imodzi, sanabweretse, ndipo sanathe kufotokoza mfundo yaikulu ya ndime yake yachitatu m'chilankhulo chilichonse. Nkhani yotere siigamulidwa ndi mphunzitsi yekha. Imapita kudzera mu ofesi yanga ku komiti yoona za mwambo motsatira malamulo a sukulu yathu, wophunzira n'kuuzidwa molembedwa zifukwa zake ndi ufulu wake wochita apilo. M'lipoti lanu lembani zimene munaona, monga kuti nkhani zinayi sizinapezeke pa masamba otchulidwa ndiponso kuti wophunzira anayankha zakutizakuti. Nambala ya pulogalamu muilembe pamapeto monga chimene chinakuchititsani kuyang'anitsitsa, osati pa mndandanda wa umboni. Lipoti limene umboni wake ndi nambala yokha ndidzalibweza, ndipo silidzatuluka m'dipatimenti muno.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi makalasi a ophunzira oposa 100 ndipo mukudzifunsa kuti nthawi ya zonsezi ichokera kuti. Ntchito zambiri zolozedwa zidzathera pa gawo lachitatu, limene silidutsa mphindi 20, ndipo zofika pokumana zidzakhala zochepa. Wothandizira kuchonga akaona nambala yokwera azingopereka ntchitoyo kwa mwini phunziro, asalankhule ndi wophunzira. Amene munapereka kale ziro semesita ino potengera nambala yokha, mundibweretsere mapepalawo pofika Lachisanu likudzali kuti tiwaunikenso pamodzi malikisi asanapite ku ofesi ya mayeso. Pa asayimenti iliyonse yatsopano, lembani pa pepala la malangizo mapulogalamu amene mwalola ndi amene mwaletsa, kuwatchula mayina, ndipo muuze ophunzira tsiku loyamba kuti azisunga makope, manotsi ndi zithunzi za masamba amene awerenga kufikira zotsatira za semesita zitatuluka.

Ndine mnzanu pa ntchito,
Mkulu wa dipatimenti